Masiku asanu a pa khadi

Zaka khumi ndi zinayi ndinali mayi wa zaumoyo papulazi la fodya kufupi ndi Banket. Musaganize kuti unali unesi, ayi ndithu. Anandipatsa diresi la yunifolomu, sikelo yopachika pamtengo, buku lalikulu ndi bolopeni, basi. Ntchito yanga inali kuyeza ana a m'komboni, kulimbana ndi amuna akuluakulu kuti akumbe zimbudzi, ndi kuthandiza amayi amene mimba yawapeza kombi yopita nawo kuchipatala isanabwere. Ndinkatopa nayo ntchitoyo, koma inkandichotsa kumunda masiku atatu pamlungu, ndipo msana wanga unali utayamba kale kukana khasu.

Chaka cha chilala chija, chimanga chitapserera chisanafike m'chiuno, asista a kukiliniki anatiitana ife a m'mapulazi. Anati bungwe lina libweretsa ufa wa phala la ana, thumba limodzi pamwezi kwa mwana aliyense, ndipo kulemba mayina kudzachitika pa 14 Okutobala. Lamulo lake linali louma. Mwana ayambire miyezi isanu ndi umodzi, koma akhale asanakwanitse zaka zisanu patsiku lolembalo, ndipo akadzakwanitsa, phala lathera pomwepo. Wokwanitsa zisanu, ngakhale dzulo lomwe, wakula ameneyo, akadye kwawo.

Asistawo anali mayi wamtali, wachiShona, wosakonda kuseka. Anatikhazika pabenchi ngati ana a Giredi 3 n'kuyamba kutiphunzitsa samu. Anati safuna kumva zoti mwana uyu anabadwa fodya ali m'mabani oumitsira, kapena anabadwa chaka cha mbewa. Ankafuna zaka, miyezi ndi masiku. Pamwamba ulembe tsiku lolemba mayina, mwezi wake ndi chaka. Pansi ulembe la kubadwa. Kuchotsera uyambire ku masiku. Akachepa a pamwamba, bwereka mwezi umodzi, koma masiku ake akhale a mwezi umene wangotha kumene, osangoti 30 monga amachitira mabhalani, mlembi wa pulazi, powerenga matikiti a malipiro. Miyezi ikachepa, bwereka chaka, uwonjezere 12. Anatiwerengetsa miyezi pa mfundo za zala kuti tidziwe wa 30 ndi wa 31. Ine ndinamva msanga, pakuti samu sinandivutepo. Zimene zinandivuta zinkandidikira kunyumba.

Mlongo wanga anali atapita kokumba golide zaka zitatu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo foni yake sinalirenso. Anatisiyira mkazi ndi kamwana kakakazi. Mlamu wangayo ankakhala chipinda chachitatu kuchokera changa, akugwira maricho, ndiye kuti ganyu, kulikonse kumene amveka. Mwanayo ndinamulandira ndi manja angawa masiku awiri Khirisimasi isanafike, pa 23 Disembala, masana mvula ikuvumba, ndipo ndinalemba tsikulo m'kope langa la obadwa, monga ndinkachitira ndi mwana aliyense wa m'komboni. Koma pakhadi lake la sikelo panalembedwa kuti 9 Okutobala, ndipo analemba zimenezo ndi ine.

Zinayenda chonchi. Kireshi ya papulazi, yosungirako ana masana, inkalandira ana okwanitsa zaka zitatu. Mayi amene mwana wake sanafike pamenepo, foromani sankamulemba pagulu lobzala fodya, ati amangokhalira kumasula ndi kumanga mbereko. Ndiye mwezi wa Okutobala ukamayandikira, amayi ankabwera kwa ine mmodzimmodzi, wina akuti khadi ladyedwa ndi chiswe, wina akuti lanyowa ndi mvula. Ine ndinkatenga khadi latsopano, n'kukoka tsiku lobadwa kulibweza m'mbuyo miyezi iwiri kapena itatu, n'kupita nalo kukiliniki akadinde. Aliyense m'komboni ankadziwa, ndipo palibe ankati ndi bodza. Tinkati kumukulitsa mwana. Zaka ziwiri m'mbuyomo kubzala kunkayamba pa 15 Okutobala, mwana wa mlongo wanga ali ndi zaka ziwiri, miyezi isanu ndi inayi ndi masiku 22. Ndinasankha 9 Okutobala popanda chifukwa, kungoti likhale kumbuyo kwa tsiku lobzala. Mwana analowa kireshi, mayi ake analowa m'munda, ndipo chaka chimenecho anadya.

Nditabwera kukiliniki ndinakhala pakhonde ndi makhadi onse a m'komboni, kuyamba kuwerengeratu kuti tsikulo tisadzachedwe. Nditafika pa la mwana wathu ndinalemba 14 pamwamba, 9 pansi. Panalibe ngakhale chobwereka. Masiku 5, miyezi 0, zaka 5. Ndinabwerezanso ngati kuti samu yopepuka choncho ingasinthe. Mayo ine! Masiku asanu okha. Ndikanalemba 15 chaka chija, tsiku lobzala lenilenilo, kireshi akanalowabe, ndipo paphala akanapulumuka ndi tsiku limodzi.

Kenako ndinatenga kope langa n'kuwerenga za choonadi. Pamwamba 14 Okutobala, pansi 23 Disembala. 14 sangachotse 23, ndiye ndinabwereka Seputembala ndi masiku ake 30. Anakhala 44, kuchotsa 23, anatsala 21. Miyezi ya pamwamba inatsala 9 chifukwa cha kubwereka kuja, ndipo 9 sangachotse 12, ndiye ndinabwereka chaka. Inakhala 21, kuchotsa 12, inatsala 9. Zaka zinali 5, chimodzi chabwerekedwa, zinatsala 4. Zaka zinayi, miyezi isanu ndi inayi, masiku 21. Mwanayo anali m'kati mwa lamulo bwinobwino, ndipo womutulutsa ndinali ine.

Akanakhala mwana wonenepa ndikanangoti kaya, zapita. Koma ameneyu sikelo inali itaima miyezi itatu yathunthu, kenako n'kuyamba kutsika. Tsitsi linali litafiira m'mbali, ndipo anasiya kuthamanga ndi anzake. Ankangokhala pamthunzi wa bani, akukanda pansi ndi kamtengo.

Ndinapita kukamuuza mlamu, amene ankanditcha tete, monga aShona amaitanira mlongo wa mwamuna wawo. Ndinamupeza akupeta mphale yochepa mu lichero, imene anailandira atapalira m'dimba la aphunzitsi.

"Tete, ndiye mukuti chiyani? Mwana wanga alibe zaka zisanu. Munalipo inu."

"Ndinalipo, alamu. Koma khadi likuti wakwanitsa."

"Khadi lake liti? Si munalemba ndinu? Lembaninso."

Anayankhula ngati kuti kulemba ndi kusesa pabwalo. Ndinamufotokozera kuti makhadi opanda kanthu anasiya kutipatsa, ndiponso tsiku lomwelo lili m'kaundula wa kukiliniki. Kufufuta 9 kuti akhale 19 sikukanathandiza, asistawo akanangotsegula buku lawo n'kuona. Iye anangoti, "Ndiye mwatiphera mwana ndi bolopeni yanu." Magazi anandiwira. Ndinamufunsa kuti kodi anabwera ndani pakhomo panga chaka chija, akulira mamina ali tayale, akuti tete ndithandizeni foromani wandikana? Ndinamuuza mawu ena amene sindingawalembe pano. Iye anapitiriza kupeta mphale, ndipo ine ndinabwerera kwathu mtima ukundiwawa, chifukwa tonse awiri tinkanena zoona.

Masiku otsalawo ndinkayenda ngati wasenza nkhuni zaziwisi. Njira inali imodzi yokha, kuwaonetsa asista kope langa. Koma m'kope lomwelo munali masiku enieni a ana onse amene ndinawakulitsa. Munthu wodziwa kuwerenga akanangoliika pambali pa kaundula, ntchito yanga n'kuthera pomwepo. Ndinaganiza zong'amba tsamba limodzi lokha, koma patsamba la mwana wathu panalinso ana ena awiri okulitsidwa. Ndinaganiza zomupatulira kaufa pang'ono m'matumba a anzake, ndinachita manyazi ndekha. Kutchalitchi Lamulungu limenelo sindinamve ngakhale mutu wa ulaliki.

Pa 14 galimoto inafika dzuwa litakwera kale. Tinapachika sikelo pamtengo wa pafupi ndi shedi yogiredera fodya, ndipo amayi anandanda mzere mpaka kumpopi. Kunkatentha kwambiri, ana akulira, fumbi lili kobo. Asista anakhala patebulo ndi mtsikana wina wa bungwe lija wolemba mayina. Ine ndinkayeza mwana, n'kutchula zaka, miyezi ndi masiku monga ndinawerengera, asistawo n'kuwerenganso okha papepala. Sankakhulupirira munthu.

Panafika mkazi wa foromani ndi mwana wake wa masaya ngati mabanzi. Wobadwa pa 16 Okutobala. Asista anawerenga mokweza, 14 ndi 30 ya Seputembala ndi 44, kuchotsa 16 atsala 28, miyezi 11, zaka 4. "Walowa, watsala ndi masiku awiri," anatero. Mayiyo anaimba nthungululu, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke. Kunyumba kwa foromani ankaphika kawiri patsiku, ndipo tonse tinkauona utsiwo.

Mlamu anali pafupi ndi kumapeto kwa mzere. Anabwera ndithu, ngakhale ndinamuuza kuti asadzivute. Ndinamuyika mwanayo m'kabudula wa sikelo, ndipo anapepuka m'manja mwanga mwakuti ndinayang'ana kumbali. Asista anamuyeza mkono ndi tepi, anamutsina phazi kuona ngati latupa, kenako anatenga khadi.

"Zaka zisanu, masiku asanu. Pepani amayi, sindingamulembe. Mubwere naye kukiliniki timuone, koma pa phala ili wapitirira."

Mlamu sanawayang'ane asista. Anayang'ana ine. Amayi a pamzere nawo ananditembenukira, chifukwa onse ankadziwa kuti mwana ameneyu ndi wa Khirisimasi. Ena mwa iwo ndi amene anatunga madzi tsiku limene anabadwa.

Kope ndinali nditaliika m'chikwama m'mawa, ndikudziuza kuti ndangolitenga. Ndinalitulutsa n'kuliika patebulo.

"Asista, khadilo ndi lolakwika. Tsiku lenileni ndi ili."

"Lolakwika bwanji? Analakwitsa ndani?"

"Sindinalakwitse. Ndinalemba dala."

Ndinawafotokozera za kireshi ndi za foromani. Ndinayankhula ChiShona kuti pasakhale chowasokoneza, ndipo mawu ankatuluka ouma ngati ndikuwerenga malipoti a zimbudzi. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Inki inali yakale, dzina la mwana lili pakati pa wobadwa kumayambiriro kwa Disembala ndi wobadwa mu Januwale, ndipo panalibe pofufutidwa. Anafunsa ngati pali umboni wina. Mlamu anathamanga kunyumba n'kubwera ndi kapepala ka ubatizo kamene ankasunga m'Baibulo, ndipo abusa analembapo 23 Disembala. Asista anatenga pepala lawo, anawerenga okha osandifunsa, n'kumuuza mtsikana uja kuti, "Zaka zinayi, miyezi isanu ndi inayi, masiku 21. Miyezi yathunthu 57. Mulembe." Kenako anatembenukira kwa mlamu. "Alandira lero, Novembala ndi Disembala. Pa 23 Disembala akwanitsa zisanu, Januwale musabwere."

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge kope langa, koma iwo analigwira ndi zala ziwiri.

"Ndi angati ena?"

Ndikanatha kunena kuti ndi yekhayu. Koma kope linali m'manja mwawo, ndipo ine ndinali nditatopa. Ndinati asanu ndi awiri amene akadali pakomboni pano, osawerenga amene anasamuka.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa pakamwa ndili napo, ndikanawayankha. Anangoti chidindo chawo ndi chimene chili pamakhadi onsewo, ndipo iwo anadinda chifukwa chondikhulupirira. Anati katemera amayendera masiku amenewo, mzere wa kulemera kwa mwana umayenderanso masiku amenewo, ndiye ine ndakhala ndikuwawerengetsa zabodza zaka zonsezi. Ndinawafunsa kuti nanga ana amenewo akanadya chiyani amayi awo atakanidwa kumunda. Anati funso limenelo ndi labwino, ndikawafunse eni pulazi. Tinamaliza mzere tonse pamodzi. Dzuwa litapendeka anandiuza kuti nditsitse sikelo pamtengo ndiyiike m'galimoto, pamodzi ndi buku lalikulu ndi kope langa. Diresi anati ndichape, ndidzatumize Lachisanu.

Mlungu wotsatira anabwera okha kudzakonza makhadi asanu ndi awiri aja. Ana awiri anali akadali osakwana zaka zitatu, ndiye kireshi inawabweza, ndipo foromani anawachotsa amayi awo pagulu lobzala. Mmodzi wa amayiwo sanandipatsenso moni mpaka anasamukira ku Concession. Winayo anandipeza pampopi n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti kodi mwana wa m'bale wanga yekha ndiye ali ndi mimba yodyera. Ndinasenza ndowa yanga isanadzaze.

Ndinabwerera kumunda ndili ndi zaka zoposa makumi asanu. Kubzala fodya ndi kuwerama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutsatira thirakitala ya madzi, matope m'zala, dzuwa pamsana. Atsikana amene ndinkawayeza pasikelo ali ana ankandisiya m'mbuyo mizere iwiri, ndipo foromani, amene kale ankanditcha amayi a zaumoyo, anayamba kundiitana kuti gogo. Ndikafika kunyumba ndinkangogona pamphasa osayatsa moto. Sikelo anapatsa mayi wina wa pulazi loyandikana nalo, amene ankabwera kamodzi pamwezi panjinga.

Mwana wa mlamu uja phala anadya. Zimenezo sindingabise, ndipo ndikazikumbukira mtima umatsikako pansi. Mlamu ankamuphikira m'mawa ndi masana m'kapoto kakang'ono, iye osalawako ngakhale supuni, ndinaona ndekha. Pofika Novembala mwana anayambanso kuvuta, kukwera pachulu ndi kumenyana ndi anzake. Thumba la Disembala analandira pa 14, atatsala ndi masiku asanu ndi anayi kuti akwanitse zisanu. Mlamu analitambasula thumbalo mmene akanathera, akuchepetsa supuni ndi kuchulukitsa madzi, koma linatha Januwale asanafike pakati.

Amene anakulira papulazi amaudziwa Januwale. Chimanga chili chobiriwira m'munda, chokongola, koma chosadyeka. Maricho amasowa chifukwa amene angakulembe nawonso alibe. Mvula ya dzinja limenelo inabwera bwino, ndipo tinkathyola fodya titanyowa kuyambira m'mawa, m'mimba muli mahewu okha.

Lamulungu lina masana nditakhala pakhonde ndikudzipaka mafuta m'mawondo, ndinaona mlamu akubwera ndi mwana, khadi lili m'manja. Anakhala pansi n'kupereka moni wonse mwaulemu, kufunsa za msana, kufunsa za mawondo. Kuyambira tsiku la mphale lija tinali tisanakhale pansi pamodzi choncho. Mwanayo anatsamira pamwendo wanga, ndipo ndinamugwira mkono mosaganiza, monga ndinazolowerera. Chala chachikulu ndi cholozera zinakumana mosavuta.

"Tete, galimoto ija akuti ikubwera Lachitatu."

"Ndamva."

"Ndimati mwina mungaoneko. Pomwe analemba 12 wa mwezi apa. Mwezi umodzi wokha kapena iwiri, mpaka chimanga chikhwime. Inu mumadziwa mawerengedwe ake."

Anandipatsa khadilo ndi manja awiri. Linali latsopano, lolembedwa ndi dzanja la asista, 23 Disembala, chidindo pamwamba pake. Sindinafune kuwerenga, koma mutu unawerenga wokha. Lachitatulo linali pa 14 Januwale. Masiku 14 ndi 31 a Disembala ndi 45, kuchotsa 23, atsala 22. Zaka zisanu, miyezi palibe, masiku 22.

Sindinakwiye. Mphamvu zokwiyira zinali zitatsalira kumunda. Ndinamubwezera khadi n'kumuuza kuti tsiku limenelo ndi lake lenileni la mwanayo, palibenso lina loti ndingakatulutse m'chikwama, ndipo mawa amutengere kukiliniki monga ananenera asista. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinagwedeza chitini cha ufa kuti ndimve zimene zatsala, n'kuthira theka lake m'nsalu yake. Anamanga mfundo, n'kufunsa kuti nanga ukatha umenewu. Ndinati sindikudziwa, alamu.